Makalata atatu okumbutsa kasitomala amene wachedwa kulipira invoyisi

Funso: Ndili ndi bizinesi yaing'ono yoperekera katundu kumakampani. Kampani ina yomwe imandigula kawirikawiri sinalipire invoyisi yanga ya 480,000 ndipo tsiku lomwe tinagwirizana ladutsa. Ndalama zanga ndikuzifuna, koma kasitomalayu sindikufuna kumutaya. Ndiwakumbutse kangati, pazidutsa masiku angati, ndipo ndilembe zotani kuti aone kuti sindikuseka koma ndisaoneke wamwano?

Yankho: Makalata atatu ndi okwanira, ndipo onse atuluke mkati mwa mwezi umodzi kuchokera pa tsiku lomwe ndalama zimayenera kulowa. Anthu ambiri amaganiza kuti kalata yachiwiri iyenera kukhala yaukali kuposa yoyamba, yachitatu n'kukhala yokalipa. Si mmene ziyenera kukhalira. Ulemu ukhale womwewo kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Chomwe chimasintha ndi ntchito ya kalata iliyonse. Yoyamba imafufuza chomwe chagwira ndalamazo. Yachiwiri imafuna tsiku lenileni lomwe adzalipire. Yachitatu imanena chomwe mudzachite tsiku lomaliza likadutsa. Mphamvu ya kalata ili pa tsiku lomwe mwatchula, pa munthu amene mwamulembera, ndi pa chotsatira chomwe mwanena. Mawu okalipa sawonjezerapo kanthu, amangopatsa mnzanuyo chifukwa chosiya nkhani ya ngongole n'kuyamba kudandaula za kalankhulidwe kanu.

Musanalembe chilichonse, yambani mwadzifufuza nokha. Onani sitetimenti ya kubanki ya masiku angapo apitawa, mzere ndi mzere. Nthawi zina ndalama zimakhala zinalowa kale koma wolipirayo sanalembe nambala ya invoyisi, kapena analipira m'dzina la kampani ina ya gulu lawo lomwelo, kapena anaphatikiza mainvoyisi awiri n'kulipira pamodzi. Kukumbutsa munthu ngongole yomwe analipira kale kumachotsa ulemu, ndipo mukadzakumbutsanso tsiku lina adzayamba ndi kukukayikirani. Kenako tengani invoyisi yomweyo muiwerenge ngati mlendo. Dzina la kampani lalembedwa molondola? Tsiku lolipirira likuoneka? Nambala ya oda yawo ilipo? Nambala ya akaunti yanu ndi yolondola? Pomaliza pezani umboni woti katundu anafika, monga pepala lomwe wolandira katundu anasainira, ndi chikalata kapena imelo yomwe munagwirizanirana masiku olipirira. Ziwiri zomalizazi simudzazifuna kwenikweni pa kalata yoyamba, koma yachitatu singaime popanda izo.

Kuti zimveke bwino, titenge chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Invoyisi yanu ndi nambala 0147, ya 480,000, munailemba pa 1 Juni, ndipo munagwirizana kuti alipire pasanathe masiku 30. Tsiku lomaliza linali 1 Julayi. Tinenenso kuti mgwirizano wanu umati ndalama zotsala zidziwonjezeredwa chiwongoladzanja cha 2 pa 100 aliwonse pa mwezi uliwonse wathunthu womwe wadutsa.

Kalata yoyamba ituluke patadutsa masiku awiri kapena atatu, tinene pa 3 Julayi. Kulemba tsiku lomwelo la 1 Julayi n'kufulumira, chifukwa ndalama zochokera kubanki ina zimatha kutenga tsiku limodzi kapena awiri kuti zioneke kwanu. Kudikira milungu iwiri n'kuchedwa, chifukwa mukuphunzitsa kasitomala kuti tsiku lomwe mumalemba pa invoyisi ndi lokongoletsa chabe. Kalatayi ipite kwa munthu amene mumatumizirako mainvoyisi nthawi zonse, pa imelo, ndipo mutu wake unene zonse: "Invoyisi 0147 ya 480,000, yoyenera kulipiridwa pa 1 Julayi". Munthu wa ku ofesi ya zandalama amalandira makalata ambiri, ndipo mutu wongoti "Chikumbutso" sumuthandiza kupeza kanthu. Mkati mwake mulembe chonchi:

"Okondedwa Mayi Uje, ndikhulupirira muli bwino. Ndikukumbutseni za invoyisi nambala 0147 ya 480,000, ya katundu amene tinapereka pa oda yanu nambala 2210, yomwe imayenera kulipiridwa pa 1 Julayi. Pofika lero m'mawa ndalamazi zinali zisanaoneke ku akaunti yathu. Ndaphatikiza invoyisiyo pa kalata ino kuti musavutike kuifunafuna. Chonde ndidziwitseni ngati inafika bwino ndi kuvomerezedwa, komanso tsiku lomwe mukuyembekeza kulipira. Ngati pali china chomwe chikusoweka kapena cholakwika, ndiuzeni ndichikonze lero lomwe. Ngati mwalipira kale, nditumizireni umboni wake kuti ndikonze mabuku athu. Zikomo kwambiri."

Taonani kuti kalatayi sikunena kuti "simunalipire". Ikunena kuti ndalama sizinaoneke ku akaunti. Mawu oyambawo ndi mlandu womwe mukumuimba munthu, pamene achiwiriwo ndi chinthu chomwe inu mukuchidziwa motsimikiza. Taonaninso kuti mulibe kupepesa. Ambiri amayamba ndi "pepani kukuvutitsani" kapena "ndikudziwa kuti ndinu otanganidwa", ndipo amaganiza kuti ndiwo ulemu. Koma kupepesa pofunsa ndalama zomwe munazigwirira ntchito kumauza wowerenga kuti inu nomwe mukuona ngati mukupempha chithandizo, ndipo chithandizo munthu amapereka akafuna. Musafotokozenso mavuto anu, zoti antchito akudikira malipiro kapena lendi yakupanikizani. Ngongoleyo ndi yoyenera kulipiridwa kaya inu muli ndi ndalama kaya mulibe, ndipo kasitomala wochenjera akadziwa kuti mwapanikizika amayamba kukunenerera kuti mulandire zochepa.

Chiganizo chofunika kwambiri m'kalata yoyamba ndi chofunsa ngati invoyisi inavomerezedwa. M'makampani ambiri invoyisi siipita kwa wolipira molunjika. Imayamba yafika kwa amene anaitanitsa katundu kuti atsimikize kuti analandira, kenako imayerekezedwa ndi oda, kenako bwana amasainira, ndiye imalowa pamndandanda wa zolipira. Ikatsakamira pa sitepe imodzi mwa izi, wa ku ofesi ya zandalama sangailipire ngakhale atafuna. Makampani ena amalipiranso pa masiku oikika okha, kamodzi kapena kawiri pa mwezi, choncho invoyisi yomwe yavomerezedwa tsiku limodzi mndandanda utatsekedwa imadikira ulendo wotsatira. Mayankho omwe mulandire adzakuuzani mtundu wa vuto lomwe muli nalo. Akati "sitinailandire" kapena "ilibe nambala ya oda", vuto ndi la mapepala, ndipo mulikonze tsiku lomwelo, koma musasinthe tsiku la invoyisi, chifukwa mukalembapo tsiku latsopano ena amayambiranso kuwerenga masiku 30. Akati "katundu anali wosakwanira", muli ndi mkangano, ndipo tiwubwerera. Akati "ili pamndandanda wa pa 10", lembani tsikulo ndipo mudikire mpaka pa 11 kapena 12. Akangokhala chete, konzekerani kalata yachiwiri.

Pakati pa kalata yoyamba ndi yachiwiri imbani foni kamodzi, patadutsa masiku anayi kapena asanu. Imelo munthu amatha kuidumpha, koma funso la pafoni limafuna yankho. Funsani mafunso awiri okha: invoyisi ili pa tebulo la ndani pakali pano, ndipo idzalipiridwa tsiku liti. Mukafunsa khalani chete, muwasiye ayankhe. Ambiri amaopa chete ameneyu ndipo amayamba kudziyankha okha kuti "kapena kumapeto kwa mwezi", n'kupereka milungu itatu yomwe palibe anaipempha. Mukatsitsa foni lembani imelo ya mizere iwiri: "Zikomo chifukwa cha kukambirana kwathu lero. Monga mwanenera, invoyisi 0147 ilipiridwa pofika pa 11 Julayi." Lonjezo la pakamwa limaiwalika kapena kukanidwa, koma lolembedwa lomwe mnzanuyo sanalitsutse limakhala maziko a kalata yotsatira.

Tsopano pa 11 Julayi padutsa popanda kanthu. Kalata yachiwiri ituluke pa 15 Julayi, patatha masiku 14 kuchokera pa tsiku lomaliza. Apa zinthu zitatu zisinthe. Simukufunsanso kuti adzalipira liti, mukutchula tsiku inuyo. Kalatayi ipitebe kwa munthu yemwe uja, koma ionedwenso ndi munthu wachiwiri, amene anaitanitsa katundu kapena mkulu wa ofesi ya zandalama. Ndipo kwa nthawi yoyamba mutchule zomwe mgwirizano wanu umanena za kuchedwa.

"Okondedwa Mayi Uje, ndikulembanso za invoyisi nambala 0147 ya 480,000, yomwe tsopano yachedwa ndi masiku 14. Ndinakulemberani pa 3 Julayi, ndipo titalankhulana pafoni pa 8 Julayi munanena kuti ilipiridwa pofika pa 11 Julayi. Mpaka lero ndalamazi sizinafike. Chonde lipirani ndalama zonse pofika Lachiwiri pa 22 Julayi, ku akaunti yomwe ili pa invoyisi, ndipo mulembe nambala 0147 polipira. Ngati pali gawo la invoyisiyi lomwe simukugwirizana nalo, ndilembereni pofika pa 18 Julayi kuti ndi liti komanso chifukwa chake, ndipo gawo lomwe mukugwirizana nalo mulipire pa tsiku lomwe ndatchulalo. Ngati kulipira zonse nthawi imodzi kukuvuta, ndiimbireni tigwirizane ndondomeko yolembedwa. Ndikukumbutseninso kuti malinga ndi mgwirizano wathu, ndalama zotsala zidzawonjezeredwa chiwongoladzanja cha 2 pa 100 aliwonse kuyambira pa 1 Ogasiti. Ndikufuna nkhaniyi ithe tisanafike pamenepo. Zikomo."

M'kalatayi mulibe liwu ndi limodzi lomwe laukali, komabe aliyense woiwerenga akuona kuti nkhani yakula. Chomwe chachita zimenezo ndi mndandanda wa masiku: 3 Julayi, 8 Julayi, 11 Julayi. Masikuwo akunena okha kuti lonjezo linaswedwa, ndipo inu simukufunika kulemba kuti "munandinamiza". Pewani mawu oti "mwamsanga", "posachedwa" kapena "mukapeza mpata". Mwamsanga wa inu ndi mawa, wa iwo ndi mwezi wamawa. Pewaninso kungoti "pasanathe masiku asanu ndi awiri", chifukwa mudzakangana kuti masikuwo anayamba liti ndiponso ngati Loweruka ndi Lamulungu akuwerengedwa. Tchulani tsiku la pakalendala, ndipo likhale tsiku logwira ntchito.

Nkhani yoonetsa kalata kwa munthu wachiwiri imafuna nzeru. Cholinga si kumunenera Mayi Uje kwa abwana awo. Kawirikawiri munthu amene mumalemberana naye alibe mphamvu yotulutsa ndalama, ndipo mwina nayenso akudikira siginecha ya wina. Choncho muuzeni pasadakhale pafoni kuti kalata yotsatira muonetsanso akuluakulu kuti athandize kufulumizitsa. Mukatero amakhala mnzanu mkati mwa kampaniyo. Mukamudzidzimutsa, adzayamba kudziteteza, ndipo njira yapafupi yodzitetezera ndi kupeza cholakwika pa invoyisi yanu. Munthu wachiwiriyo akhale wa m'kampani momwemo komanso wokhudzidwa ndi nkhaniyo. Kuonetsa anthu akunja, makasitomala awo kapena anzanu a bizinesi, kungakugwetseni m'mlandu woipitsa mbiri ya ena, ndipo ubale umathera pomwepo.

Ziganizo ziwiri za pakati zija, cha mkangano ndi cha ndondomeko, musazichotse poganiza kuti zikufewetsa kalata. Zimatseka njira ziwiri zomwe wozengereza amathawiramo. Munthu amene akufuna kugula nthawi amasunga dandaulo lake mpaka tsiku lomaliza, kenako n'kunena kuti makatoni awiri anali owonongeka, ndipo invoyisi yonse imaima chifukwa cha kagawo kakang'ono. Mukamupatsa tsiku loti anene madandaulo ake molemba, ndi kumuuza kuti gawo losatsutsidwa lilipiridwe, dandaulo la 30,000 silingagwirenso 450,000 yotsalayo. Ndipo dandaulo likakhala loona, musaumirire. Lembani chikalata chochotsera gawolo pa invoyisi, muchitumize tsiku lomwelo, ndipo makalata otsatira atchule ndalama zatsopanozo. Kukumbutsa ngongole yomwe ili ndi dandaulo lenileni losayankhidwa ndi kutaya nthawi, chifukwa ngakhale kukhoti funso loyamba lidzakhala lomwelo.

Wosowadi ndalama amadziwika mosavuta. Amayankha foni, amavomereza ngongole, ndipo amatchula zomwe angakwanitse. Wozemba amasintha nkhani ulendo uliwonse: lero wosainira ali kunja, mawa makina akuvuta, mkucha invoyisi yasowa. Woyambayo mugwirizane naye, koma molemba, ndipo ndondomekoyo itchule ngongole yonse, zigawo ndi masiku ake, monga 160,000 katatu, gawo loyamba lilipiridwe sabata yomweyo, ndi chiganizo choti gawo limodzi likaphonyedwa zotsala zonse zifunika nthawi imodzi. Gawo loyamba la msanga ndilo limayesa ngati munthuyo akunena zoona. Imelo yomwe akuvomereza ndondomekoyo muisunge bwino, chifukwa ndi umboni wolembedwa woti ngongoleyo akuidziwa ndipo sakuitsutsa.

Za chiwongoladzanja, chitchuleni pokhapokha ngati chili mumgwirizano womwe kasitomala anavomereza ntchito isanayambe, kapena ngati malamulo a dziko lanu amakupatsani ufulu umenewo pa ngongole za pakati pa mabizinesi. Kudzuka n'kuika chindapusa chomwe simunagwirizane kumapatsa mnzanuyo chinthu choona choti atsutse, ndipo nkhani imachoka pa 480,000 n'kupita pa chindapusacho. Ngati mgwirizano wanu sunena kanthu, chotsani chiganizo chimenecho, ndipo m'malo mwake munene kuti simudzatha kupereka katundu wina pa ngongole mpaka invoyisiyi italipiridwa. Kwa kasitomala amene amadalira katundu wanu, chimenechi chimamveka kwambiri kuposa chiwongoladzanja.

Tibwerere ku chitsanzo chathu. Pa 22 Julayi sipanalowe kanthu. Pa 24 Julayi mukuona 180,000 yalowa popanda kalata iliyonse. Ambiri amafewa apa, amati poti ayamba kulipira tiwasiye, ndipo 300,000 yotsalayo imagona miyezi itatu. Thokozani tsiku lomwelo, koma chithokozocho chitchule zotsala: "Talandira 180,000 pa invoyisi 0147, zikomo. Zotsala ndi 300,000. Chonde ndidziwitseni tsiku lomwe mulipire." Malipiro a theka sabwezera ndondomeko yanu poyambira. Chenjeraninso ngati ndalama zochepazo zabwera ndi mawu oti ndi malipiro omaliza otseka nkhani yonse. Mukaona mawu otere yankhani molemba nthawi yomweyo kuti mukuzilandira ngati gawo chabe la ngongole, ndipo ngati ndalamazo ndi zambiri funsani loya musanazigwiritse ntchito, chifukwa kukhala chete kungadzatengedwe ngati kuvomera.

Kalata yachitatu ituluke pa 31 Julayi, patatha masiku 30. Musanailembe, khalani pansi musankhe chomwe mudzachitedi. Mudzaimitsa katundu? Mudzapereka nkhaniyi kwa loya kapena kwa otolera ngongole? Mudzakasuma kukhoti la milandu ya ndalama zochepa, ngati ngongoleyo ili mkati mwa malire a khotilo? Fufuzani mtengo wa njira iliyonse ndi nthawi yomwe imatenga, muyerekeze ndi 300,000. Chomwe mungachikwanitse ndi chokhacho chomwe mulembe. Kalata yomwe imati "lomaliza" n'kutsatiridwa ndi ina yomwe imatinso "lomaliza" imasandutsa makalata anu onse galu wopanda mano, pa invoyisi ino ndi pa zonse zam'tsogolo. Ngati mukudziwa mumtima kuti kukhoti simudzapita, lembani za kuimitsa katundu zokha, ndipo mudzaimitsedi.

Kalatayi ipite kwa munthu amene ali ndi mphamvu pa kampaniyo, mwini wake kapena mkulu woyang'anira zandalama, ndipo Mayi Uje aione. Ilembedwe pa pepala la kampani yanu, isainidwe, ndipo itumizidwe njira ziwiri: pa imelo, komanso pamanja kapena pa positi yosainira polandira, ku adiresi yovomerezeka ya kampaniyo. Mukapereka pamanja, tengani makope awiri, wolandirayo asainire ndi kulemba tsiku pa imodzi, mubwerere nayo. Lembani dzina lonse la kampani monga linalembetsedwera, chifukwa ngongole ili ndi kampani, osati wantchito amene mumalankhula naye.

"Kwa Mkulu Woyang'anira Zandalama. Chidziwitso chomaliza: invoyisi 0147, zotsala 300,000. Pa 1 Juni tinakutumizirani invoyisi nambala 0147 ya 480,000, ya katundu amene munalandira ndi kusainira pa oda nambala 2210. Imayenera kulipiridwa pa 1 Julayi. Tinakukumbutsani pa 3 Julayi ndi pa 15 Julayi. Pa 24 Julayi tinalandira 180,000, ndipo tikuthokoza. Zotsala ndi 300,000, ndipo sitinalandire dandaulo lililonse lokhudza katunduyo kapena invoyisiyo. Malinga ndi mgwirizano wathu, pa 1 Ogasiti padzawonjezeredwa chiwongoladzanja cha 6,000, ndipo zonse pamodzi zidzakhala 306,000. Tikupempha kuti ndalamazi zikhale zitafika ku akaunti yathu pofika Lachinayi pa 14 Ogasiti. Zikadzakhala zisanafike, ndipo tisanagwirizane china molemba, pa 15 Ogasiti tidzapereka nkhaniyi kwa loya wathu kuti ayambe kuitanitsa ngongoleyi kudzera m'malamulo, ndipo tidzapemphanso kuti ndalama zomwe tidzawononge pochita zimenezi zibwezedwe monga malamulo angalolere. Kuyambira lero, oda iliyonse yatsopano idzafunika kulipiridwa katundu asanatuluke. Tagwira nanu ntchito bwino kwa nthawi yaitali ndipo tikufuna zipitirire. Ngati mukufuna kukambirana, ndiimbireni tsikulo lisanafike. Taphatikiza invoyisi, pepala lolandirira katundu ndi makalata awiri oyamba."

Kalatayi ilembedwe ngati kuti idzawerengedwa ndi munthu amene sakudziwa chilichonse cha nkhaniyi, chifukwa zimenezo zikhoza kuchitikadi. Mkulu amene mukumulemberayo mwina akuimva koyamba lero, ndipo nkhaniyo ikapita patsogolo loya ndi woweruza adzaiwerenganso. N'chifukwa chake ikubwereza mbiri yonse m'ziganizo zochepa, ndipo n'chifukwa chakenso mulibe kudandaula, kunyogodola kapena zilembo zikuluzikulu zokuwa. Chiganizo choti simunalandire dandaulo lililonse ndi chamtengo wapatali: akakhala chete pa icho, dandaulo lomwe angadzabwere nalo mochedwa limaoneka lopeka. Masamu akhale oonekera, kuti aliyense athe kuwerengera yekha kuti 2 pa 100 aliwonse a 300,000 ndi 6,000. Nambala imodzi yolakwika m'kalata yomaliza imapatsa wozengereza sabata yaulere yoti "tikufufuza kaye".

Onani kusiyana kwa "tidzapereka" ndi "tikhoza kuganiza zopereka". Yachiwiriyo imamveka yaulemu kwa woilemba, koma wowerenga amamva kuti simunasankhe kanthu. Ulemu wanu uli m'malo ena: mwathokoza pa zomwe analipira, mwapereka masiku 14, mwasiya khomo lokambirana lotsegula. Masiku 14 ndi abwino pa ngongole ya pakati pa mabizinesi chifukwa amapatsa kampani mpata wosainitsa ndi kulipira, ndipo palibe anganene kuti munawadzidzimutsa. Ngati wokongolayo ndi munthu wamba osati kampani, malamulo a mayiko ambiri amamuteteza kwambiri, ndipo kwina amalamula masiku ochulukirapo ndi mawu ena oyenera kukhala m'kalata yomaliza, choncho muonetseni loya kalatayo isanatuluke.

Pali zinthu zomwe siziyenera kulowa m'kalata yachitatu ngakhale mutapsa mtima chotani. Musaopseze kuti muwaulula pa masamba a mchezo, kuti muuza makasitomala awo, kapena kuti muwamangitsa. Kulephera kulipira invoyisi ndi nkhani ya pakati pa inu ndi iwo yomwe makhoti amaiweruza ngati mkangano wa ndalama, ndipo kuopseza munthu ndi apolisi kapena ndi manyazi kuti alipire kungakutembenukireni inuyo kukhala wolakwa. Musalembe kalata yooneka ngati yachokera kukhoti kapena kwa loya pamene mwailemba nokha. Musaimbe foni usiku kapena kangapo pa tsiku. Ndipo musasinthe nambala ya akaunti m'makalata okumbutsa. Akuba amagwiritsa ntchito njira yomweyi, kalata yofulumizitsa yokhala ndi akaunti yatsopano, choncho ofesi yosamala ikaona kusintha imaimitsa malipiro mpaka itatsimikiza. Ngati mwasinthadi banki, dziwitsani padera, ndipo muwaimbire kuti atsimikize ndi mawu anu.

Masiku omwe ndatchulawa, 2, 14 ndi 30, mukhoza kuwasuntha malinga ndi kasitomala. Amene wakhala akulipira bwino kwa zaka ndipo wachedwa koyamba, mupatseni sabata yathunthu musanalembe kalata yoyamba, ndipo mwina foni yokha ikwanira. Kasitomala watsopano, kapena ngongole yaikulu moti bizinesi yanu ingagwe nayo, afupikitseni kukhala 1, 7 ndi 21. Mukamva kuti kampaniyo ikulephera kulipira anthu ambiri, cheke chawo chabwezedwa ndi banki, kapena mafoni asiya kuyankhidwa, dumphani kalata yachiwiri mupite pa yachitatu, chifukwa kampani ikagwa okongoza wamba amakhala kumapeto kwa mzere ndipo amagawana zotsala. Amati ngongole siwola, koma malamulo a mayiko ambiri amaika malire a zaka zomwe munthu angasumire ngongole, ndipo kale kwambiri malirewo asanafike anthu omwe ankaidziwa nkhaniyo amakhala atachoka ntchito ndipo mapepala atasowa. Chomwe simuyenera kuchita ndi kupitirira makalata atatu. Mukafika pa asanu kapena asanu ndi limodzi, kasitomala amaphunzira kuti anayi oyambawo angathe kuwanyalanyaza.

Ngati mumagwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta yomwe imatumiza zikumbutso yokha, isiyireni kalata yoyamba yokha. Yachiwiri imatchula zomwe munakambirana pafoni, ndipo yachitatu imatchula chomwe mwasankha kuchita, zomwe pulogalamu singazidziwe. Kumbukiraninso kuimitsa zikumbutsozo pa invoyisi yomwe ili ndi dandaulo kapena ndondomeko yolipira pang'onopang'ono, chifukwa kalata yoti "chidziwitso chomaliza" ikafika kwa munthu amene dzulo lomwe mwagwirizana naye, mgwirizanowo umagwedezeka.

Pa 15 Ogasiti m'mawa onani akaunti. Ngati mulibe kanthu, chitani chomwe munalemba tsiku lomwelo: tumizani kwa loya invoyisi, oda, pepala lolandirira katundu, mgwirizano, makalata atatu, imelo ya lonjezo la pa 11 Julayi ndi umboni wa 180,000 ija, ndipo mulembere kasitomala chiganizo chimodzi chomudziwitsa kuti nkhaniyo yaperekedwa. Kuchokera pamenepo musakambirane nawo za kuchepetsa ngongole loya wanu asakudziwa. Ngati ndalama zalowa, tumizani lisiti ndi mawu achidule oti invoyisi 0147 yalipiridwa yonse ndipo mukuthokoza, osabwerezanso za kuchedwa. Ngati alipira 300,000 n'kusiya 6,000 ya chiwongoladzanja, muli ndi ufulu woifunsa, koma kwa kasitomala amene mukufuna kumusunga mukhoza kuikhululuka, bola muzilembe kuti mwakhululuka ulendo uno wokha ndipo mgwirizano sunasinthe. Pa oda ziwiri kapena zitatu zotsatira pemphani theka la ndalama katundu asanatuluke, kapena fupikitsani masiku olipirira kuchoka pa 30 kufika pa 14, ndipo funsani tsiku lomwe ofesi yawo imatseka mndandanda wa zolipira kuti invoyisi yanu izifika masiku angapo tsikulo lisanakwane.